Uthenga woitanira msonkhano wa banki mkhonde ulembedwe bwanji kuti aliyense abwere wokonzeka?

"Moni. Mwezi wathawu andisankha kukhala mlembi wa gulu lathu la banki mkhonde, la anthu 20. Posachedwa tikhala ndi msonkhano womaliza tisanagawane ndalama. Nthawi zonse ndikalemba uthenga pa gulu lathu la pa foni, ena amabwera ndi ndalama zosakwanira, ena amati sankadziwa kuti tsiku lomaliza ndi limenelo. Ndizilemba bwanji kuti pasakhale wonamizira?"

Zikomo a Mlembi, ndipo ndikuyamikeni chifukwa mwafunsa msonkhanowo usanafike. Ntchito mwaisenzayi inenso ndinaigwirapo, choncho ndiyambira pomwe ndinapunthwa.

Chaka changa choyamba ndinalemba kuti, "Tikumane Loweruka monga mwa nthawi zonse, aliyense abwere ndi ndalama zake zonse." Kwa ine mawuwo anali omveka. Loweruka litakwana, mayi wina wachikulire, amene sanajombepo chiyambire gulu, anatulutsa ndalama zokulunga bwinobwino m'kapepala nkuziika patsogolo pa owerenga ndalama. Zinali za masheya asanu ndi za thumba la zadzidzidzi, zokwanira ndendende. Titatsegula tsamba la ngongole m'kabuku kawo, anangoti kukamwa yasa. Iwo ankadziwa kuti ngongole abweza pa msonkhano wotsatira, koma msonkhano wotsatirawo unali wogawana. Nkhope yawo tsiku limenelo sindinaiiwale, ndipo wolakwa ndinali ine. Mawu oti "ndalama zonse" aliyense amawamva malinga ndi zomwe zili m'mutu mwake.

Pa msonkhano wa banki mkhonde pamabwera ndalama za mitundu itatu, ndipo uthenga wanu uyenera kuzitchula payokhapayokha, iliyonse ndi nambala yake. Pali za masheya, zomwe m'magulu ambiri munthu amagula kuyambira imodzi kulekeza zisanu pa msonkhano umodzi. Pali za thumba la zadzidzidzi, zomwe aliyense amasonkha mofanana ndipo sizilowa m'ndalama zokongozana. Ndiye pali kubweza ngongole ndi chiwongoladzanja chake, zomwe zimasiyana munthu ndi munthu. Ziwiri zoyambazi mukhoza kulemba manambala ake poyera chifukwa ndi zofanana kwa onse. Yachitatuyi ndi imene imafuna nzeru.

Musalembe mayina a angongole ndi ndalama zawo mu uthenga wa onse. Ndikudziwa kuti zimakopa, makamaka pamene wina wakhala akuzengereza, ndipo ena adzakuuzani kuti manyazi ndiwo amabwezetsa ngongole. Koma ngongole ya membala imanenedwa pa msonkhano, pamaso pa anzake amene anagwirizana zosungirana chinsinsi. Foni imawerengedwa ndi amuna awo a munthu, ana, ngakhale mlendo wongobwereka, ndipo uthenga umatumizidwa kwina ndi chala chimodzi. Mu uthenga wa onse mungonena tsiku lomwe ngongole zonse zikuyenera kukhala zitabwezedwa, kenako aliyense wangongole mumutumizire yekha nambala yake. Mwachitsanzo, amene anakongola 30,000 pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 iliyonse pamwezi, ndipo wakhala akulipira chiwongoladzanjacho mwezi ndi mwezi, mumulembere kuti: ngongole 30,000, chiwongoladzanja cha mwezi uno 3,000, zonse pamodzi 33,000, chonde yerekezani ndi kabuku kanu ndipo mundiuze pofika Lachitatu ngati zikusiyana. Mawu omalizawa amapulumutsa ola lathunthu la mkangano, chifukwa kusiyana kwa kabuku ka membala ndi kaundula wanu mumakupeza muli awiri, mitima ili pansi.

Tsopano tsiku lomaliza. Mawu ngati "kumapeto kwa sabata" kapena "msonkhano usanachitike" asiyeni. Lembani dzina la tsiku, deti ndi ola, zitatu zonse. Dzina la tsiku lokha limasokoneza amene wawerenga uthenga mochedwa, poti sadziwa kuti ndi Loweruka liti. Deti lokha limasokoneza amene sayang'ana kalendala. Ndipo musanatumize, yang'anani pa kalendala kuti deti ndi tsikulo zikugwirizanadi. Mukalemba Loweruka pa 15 pomwe pa 15 ndi Lamulungu, gulu ligawikana pawiri ndipo mbali iliyonse idzakhala ndi umboni m'foni.

Ngati gulu lanu limalola kutumiza ndalama pa foni, tsiku lomaliza la otumiza likhale dzulo lake la msonkhano, madzulo. Msungichuma amafunika nthawi yokatapa ndalamazo kuti zidzawerengedwe pamaso pa onse, ndipo inu mumafunika nthawi yoyerekeza zomwe zalowa ndi mayina. Nenaninso amene alipire mtengo wotumizira ndi wotapira. Mukapanda kunena, munthu atumiza 5,200 ndendende, potapa zichepa, ndipo msungichuma aziwoneka ngati wadyapo. Nambala yotumizira ikhale yomwe gulu linavomereza pa msonkhano, mulembe ndi dzina lomwe limatuluka pa foni munthu asanatsimikize. Muwonjezere kuti nambalayo sisintha kudzera pa uthenga, chifukwa akuba amakonda kulemba kuti "foni yanga yavuta, tumizani pa iyi."

Tsiku lomaliza lopanda chotsatira chake anthu amalitenga ngati pempho. Lembani chomwe chichitike kwa wolephera, koma chichokere m'malamulo a gulu. Mlembi alibe mphamvu yokhazikitsa chindapusa chatsopano kapena kukweza mtengo wa sheya mu uthenga, ngakhale atagwirizana ndi wapampando. Ngati malamulo anu sanena kanthu za wosabweza pa nthawi yogawana, nkhaniyo ilowe pa mfundo zokambirana, gulu livote.

Ndimakondanso kuika chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake, popeza ambiri sanawerengerepo mmene ngongole ya mnzawo imakhudzira gawo lawo. Pogawana, ndalama zonse za m'thumba la ngongole zimagawidwa ndi chiwerengero cha masheya onse kuti mupeze mtengo watsopano wa sheya imodzi. Tiyerekeze kuti gulu lanu lili ndi masheya 1,200 ndipo zonse zikabwezedwa m'bokosi mukhala 1,500,000. Sheya imodzi ikhala 1,250. Patatsala ngongole za 120,000 kunja, ndipo gulu nkugawana zomwe zilipo osachitapo kanthu, sheya itsika kufika pa 1,150. Munthu wa masheya 60 wataya 6,000 pa ngongole yomwe sanakongole. Nchifukwa chake magulu ambiri amafafaniza masheya a wangongoleyo olingana ndi zomwe sanabweze. Masamu onsewa musawaike mu uthenga, koma muwadziwe, chifukwa wina adzakuimbirani kufunsa kuti kuumirira konseku nkwa chiyani.

Pa mfundo zokambirana sindichedwapo. Zikhale zochepa, zotsatana monga mmene msonkhano uyendere, ndipo yomwe ikufuna voti muilembe kuti ndi yovotera. Munthu amatha kujomba pa msonkhano wongosonkha, koma akadziwa kuti kukagamulidwa za ndalama zake, amasiya zina nkubwera. Pewani kubisa nkhani yaikulu pansi pa "zina ndi zina". Amene sanabwere adzanena, ndipo adzakhala akunena zoona, kuti anagamuliridwa kumbali.

Uthenga wake ungaoneke chonchi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muike anu:

MSONKHANO WOMALIZA TISANAGAWANE
Loweruka pa 14 Juni, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse.
Zobweretsa: masheya 1 mpaka 5 (sheya imodzi 1,000), thumba la zadzidzidzi 200, kabuku kanu.
Ngongole zonse ndi chiwongoladzanja zibwezedwe pa msonkhano umenewu. Aliyense wangongole ndamutumizira nambala yake payekha. Ngongole zatsopano sizitulukanso.
Otumiza pa foni: pofika Lachisanu pa 13 Juni, 6 koloko madzulo, pa nambala ya msungichuma yomwe tinavomereza. Onjezerani ya kutapa, ndipo nditumizireni uthenga wotsimikizira.
Wosabweza: masheya ake adzadulidwa molingana ndi ngongoleyo, monga mwa malamulo athu. Wochedwa kufika: chindapusa 100.
Zokambirana: 1. Kuwerenga zotsala za msonkhano watha. 2. Zadzidzidzi, masheya ndi kubweza ngongole. 3. Tsiku logawana (voti). 4. Zotsala m'thumba la zadzidzidzi, tigawane kapena zipite chaka chamawa (voti).
Osunga makiyi onse atatu musalephere. Mukawerenga yankhani kuti "Ndamva".
Mlembi, movomerezedwa ndi wapampando.

Onani kuti mulibe malonje aatali. Pa foni munthu amayamba waona mizere iwiri kapena itatu yoyamba asanatsegule, ndiye mizere imeneyo inyamule dzina la msonkhano, tsiku ndi ola. Onaninso zomwe ndasiya dala. Sindinatchule kuchuluka kwa ndalama zomwe zili m'bokosi, ndipo malo ndangoti a nthawi zonse. Kumapeto kwa chaka ndi pomwe ndalama zonse zimakhala zabwerera pamalo amodzi, ndipo uthenga wonena kuti pali zingati, zili kuti, ola liti, ukafika m'manja olakwika mwaika msungichuma wanu pa ngozi. Ngati muli ndi membala watsopano amene sadziwa malowo, muuzeni payekha. Za osunga makiyi ndazitchula chifukwa bokosi la maloko atatu silitseguka mmodzi akasowa, ndipo anthu 19 akhoza kukhala pansi kudikira munthu amene sanakumbutsidwe.

Uthengawu muutumize patatsala masiku asanu ndi awiri, kuti wangongole apeze mpata wosakasaka, ndiye mudzakumbutse dzulo lake la tsiku lomaliza ndi mizere iwiri yokha. Pokumbutsa musasinthe nambala iliyonse. Ngati china chasinthadi, fufutani uthenga wakale, mulembe wonse mwatsopano ndi mawu oti WOKONZEDWA pamwamba, chifukwa kachidutswa kokonza kamatayika pakati pa macheza ndipo anthu amatsatira uthenga woyamba umene anausunga.

Mayankho a "Ndamva" aja muwachonge pa mndandanda wa mayina. Pofika tsiku lachitatu, amene sanayankhe ndiwo ntchito yanu yeniyeni. Kawirikawiri amakhala omwewo: amene foni yawo si ya intaneti, amene amabwereka ya mwana, ndi amene kuwerenga kumawavuta koma sanena. Kwa amenewa jambulani uthenga wa mawu mukuwerenga zomwezo pang'onopang'ono, kapena aimbireni, kapena mutume membala woyandikana nawo. Mukamaliza kuwafotokozera musafunse kuti "mwamva?", poti aliyense amayankha kuti eya. Afunseni kuti abweretsa zingati ndipo liti, muyerekeze yankho lawo ndi zomwe zili mu kaundula wanu.