Mavoti a pa foni m'maminitsi a msonkhano

"Ndine mlembi wa komiti yathu. Pamsonkhano wathawu anthu anayi analowa pa foni, ndipo tinavotera nkhani ya ndalama. Mavoti awo ndiwalembe bwanji kuti wina asadzatsutse?"

Alembi, yambani mwatsegula malamulo a gulu lanu muone ngati amalola kuvota pa foni. Ngati sanenapo kanthu, lembani zomwe zinachitika, koma chigamulocho mukachitsimikizenso pamsonkhano wotsatira ndalama zisanatuluke.

Polemba omwe analipo, a m'chipinda akhale paokha, a pa foni paokha, aliyense ndi nthawi yomwe analowa komanso yomwe foni yake inaduka. Nthawiyo ndi yomwe idzakupulumutseni, chifukwa kolamu, chomwe ndi chiwerengero chochepetsetsa cha mamembala chofunika kuti msonkhano ugamule nkhani, iyenera kukwana panthawi yovota, osati potsegulira msonkhano pokha. Tiyerekeze kuti komiti ili ndi anthu 12 ndipo kolamu ndi 8. M'chipinda munali 6, pa foni 4, onse pamodzi 10. Mmodzi netiweki itamutaya musanavote, otsala ndi 9, voti ikhoza kuchitika. Koma akanaduka atatu mukanatsala 7, ndipo chomwe mukanagamula sichikanakhala ndi mphamvu.

Ndime ya votiyo ingalembedwe motere:

"Nthawi ya 3:40 masana wapampando anawerenga mfundo yoti K300,000 igulire malata. A m'chipinda anavota pokweza manja: ovomera 4, okana 2. A pa foni anaitanidwa mmodzimmodzi, aliyense anatchula dzina lake n'kuyankha pa sipika onse akumva: ovomera 2, wosavota 1. Foni ya msungichuma inaduka 3:32, anaimbiridwa kawiri osapezeka, choncho sanavote. Onse pamodzi: ovomera 6, okana 2, wosavota 1. Mfundo yadutsa."

M'maminitsi anuwo ikanimo maina a ovota pa foni ndi yankho la aliyense. Dzanja lokwezedwa aliyense analiona, koma mawu a pa foni munthu amatha kudzawakana mawa.

Chomwe ndikuchonderereni kwambiri n'chakuti musalembe zomwe sizinachitike. Ngati wapampando anangofunsa kuti "a pa foni, tagwirizana?" n'kumveka "eee" mmodzi pakati pa phokoso, simungalembe kuti anayi onse anavomera. Wokhala chete mwina anatseka maiki, mwina sankamva n'komwe. Lembani kuti mayankho sanamveke mmodzimmodzi, ndipo pemphani wapampando kuti voti ibwerezedwe. Chimodzimodzi meseji yomwe yafika pa WhatsApp voti itatsekedwa: itchuleni kuti inafika nthawi yakutiyakuti, koma musaiphatikize pa chiwerengero, pokhapokha malamulo anu atalola.

Voti ikakhala yachinsinsi, monga posankha atsogoleri, sipika siingathandize. Apo a pa foni atumize meseji kwa owerenga mavoti awiri omwe msonkhano wasankha, ndipo inu mulembe njirayo ndi chiwerengero chonse pamodzi, osagawa a m'chipinda ndi a pa foni, chifukwa pa anthu atatu okha aliyense angadziwe kuti wavotera uje ndani.