Uyambe walowetsa nambala, njira idzisankha yokha

"Amalume, aphunzitsi otithandiza samu andilembera kakalata koti vuto langa pa malimiti si kuwerengera koma kusankha njira. Akuti ndimathamangira L'Hôpital paliponse. Nanga ndidziwa bwanji kuti pano mpofunika njira iti? Mayeso ndi Lachisanu."

Eee mphwanga, ndamva. Ndili panjira, ndiye ndingolankhula, iwe tenga cholembera. Aphunzitsi akowo sakunama, matenda amenewo ndimawaona chaka ndi chaka kwa ana a chaka choyamba amene ndimawathandiza.

Usanaganize za njira iliyonse, tenga nambala imene x akupitako uyilowetse mu samuyo. Chimene chituluke ndicho chikuuze chochita. Ikatuluka nambala yabwinobwino, wamaliza, lemba yankho uzipita. Tenga (x + 1)/(x + 2), x akupita ku 0. Ukalowetsa ukupeza 1/2, basi. Koma iwe ndi changu chakocho ukadifarenshiyeta pamwamba ndi pansi upeza 1/1, ulemba 1, ndipo walakwa samu imene mwana wa Fomu 2 akanaikhoza. Lamulo la L'Hôpital limagwira pokhapokha walowetsa n'kupeza 0/0 kapena ∞/∞. Kwina konseko likupatsabe yankho, koma nthawi zambiri labodza, ndipo silikuchenjeza.

Tsono pansi pakatuluka ziro usanjenjemere, yang'ana pamwamba. Ngati pamwamba pali nambala yosakhala ziro, monga 1/(x − 3) pomwe x akupita ku 3, palibe chofafaniza. Ungoyesa mbali zonse ziwiri. Ika 3.01, upeza 100. Ika 2.99, upeza −100. Mbali ina ikukwera, ina ikutsika, sizikumana, ndiye limiti palibe. Ambiri amalemba ∞ apa n'kutaya mamalikisi.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa 0/0. Imeneyo si yankho, mphwanga. Si ziro, si 1. Ikungokuuza kuti pali kanthu kamodzi kamene kakupha pamwamba ndi pansi nthawi imodzi, ndipo ntchito yako ndi kukafukula kameneko. Chofukulira uchidziwa poona nkhope ya samuyo. Ukaona ma x okhaokha ndi mapawa awo, ufakitoraize. Mwachitsanzo (x² − 9)/(x − 3) ku 3: pamwamba ndi (x − 3)(x + 3), kaja kafafanizika, patsala x + 3, yankho 6. Sukusowanso kufufuza fakitala, poti x akupita ku 3 ndiye (x − 3) alimo ndithu.

Ukaona sikweya ruti, apa ndipo ndikufuna umvetsetse. Lemba (√(x + 4) − 2)/x, x akupita ku 0. Lowetsa: ruti ya 4 ndi 2, kuchotsa 2 ndi ziro, pansi ziro. Kufakitoraiza sikukuoneka. Ndiye uchulukitse pamwamba ndi pansi ndi konjugeti, kutanthauza zomwezo za pamwamba koma chizindikiro cha pakati chitatembenuzidwa, √(x + 4) + 2. Pamwamba ruti ija ichoka, patsala (x + 4) − 4, amene ndi x. Waona, x amene amabisala uja watulukira. Pansi usatsegule mabulaketi, ndabwereza, usatsegule, usiye x kuchulukitsa konjugeti momwemo. Fafaniza x ndi x, patsala 1/(√(x + 4) + 2). Lowetsanso 0 tsopano, upeza 1/4. Ana ambiri amatsegula pansipo, x uja n'kusowa m'chipwirikiti, kenako akuti samu ndi yovuta.

Ukakayika, kakyuleta ili pomwepo. Ika 0.01 mu (√(x + 4) − 2)/x muja, ikupatsa 0.2498. Yayandikira 0.25, ndiye 1/4 ali bwino. Ikakupatsa zakutali, bwerera, penapake wasokoneza chizindikiro.

L'Hôpital umusungire pamene muli sin, ln kapena e ndipo palibe chofakitoraiza, monga (eˣ − 1)/x ku 0. Wapeza 0/0, ulembe papepala kuti wapeza 0/0 kuti wochonga aone. Kenako difarenshiyeta pamwamba payekha, pansi payekha, osati ndi lamulo la koshenti lija ayi. Upeza eˣ/1, yankho 1. Komanso, poti umamukonda mkuluyu, lamuloli analisindikiza m'buku lake mu 1696 koma analipeza ndi Johann Bernoulli, amene L'Hôpital ankamulipira kuti azimuphunzitsa.

Za x wopita ku ∞ ndi zachidule, gawa chilichonse ndi pawa yaikulu ya pansi. Mu (3x² + 1)/(x² − 5) ugawa ndi x², tinambala tija tifota, patsala 3.

Usiku uno tenga mafunso khumi a papepala lanu, usawasove. Pambali pa lililonse ungolemba chimene wapeza utalowetsa ndi njira imene wasankha, ujambule unditumizire. Minibasi yafika, amayi ako uwauze ndiwaimbira mawa.