Fomu ya penshoni ndi wilu n'zosiyana

"Ndimagwira ntchito pa loji ina ku Monkey Bay. Ndili ndi penshoni, masheya pang'ono ndi ndalama ku banki. Mafomu onse ndinalemba mng'ono wanga ndisanakwatire. Pano ndili ndi mkazi ndi ana atatu. Kodi ndikalemba wilu, zonse zikonzeka?"

Ayi achimwene, si zonse. Yambani ndi penshoni, chifukwa iyo ili ndi njira yakeyake. Oyendetsa thumba la penshoni amayang'ana fomu yomwe munalembapo oti adzalandire, osati wilu. Pitani ku ofesi ya kuntchito kwanu mukatenge fomu yatsopano. Mulembe mayina monga alili pa chitupa cha unzika, ndipo magawo akwane 100 peresenti. Tinene kuti mwasunga K6,000,000: mayi a kunyumba 40 peresenti ndi K2,400,000, mwana aliyense 20 peresenti ndi K1,200,000. Musalembe "ana anga" basi. Tchulani aliyense ndi tsiku lake lobadwa. Mukasayina, sungani kope yodindidwa, poti mafomu amasowa m'maofesimu.

Za ku banki n'zina. Dzina la wachibale lomwe munapereka potsegula akaunti ndi la munthu woti adziwitsidwe, silimupatsa ndalamazo. Ndalama za ku banki ndi masheya zimalowa mu chuma cha masiye, ndipo apa ndiye wilu imagwira ntchito.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silivuta. Wilu ikhale yolembedwa, musayine pamaso pa mboni ziwiri zili pompo nthawi imodzi, nazonso zisayine inu mukuona. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: mboni imodzi asayinitsa lero ku Monkey Bay, ina mawa ku boma. Wilu yotero ikhoza kukanidwa ku khoti. Mboni zisakhale zolandira kanthu, kaya amuna kapena akazi a olandirawo. Atsogoleri a kumpingo kapena kumzikiti ndi anzanu akuntchito ali bwino.

M'katimo tchulani dzina la banki, nambala ya akaunti, kampani yomwe munagula masheya ake ndi kuchuluka kwake. Onjezani chiganizo chonena yemwe adzatenge zotsala zomwe simunatchule, chifukwa boti kapena poloti mudzagula mawa mulibe m'ndandanda wa lero. Sankhaninso munthu wodzayendetsa chumacho. Iyeyu adzatengera wiluyo ku khoti kuti apatsidwe chikalata chomuloleza kuyendetsa chumacho, ndipo popanda chikalatacho masheya sasintha dzina. Ine ndingasankhe munthu wokhala kumudzi konkuno, osati mlamu ali ku Joni.

Kuno kwathu malume ndi alongo ali ndi mawu, mukudziwa. Ngati mukufuna mng'ono wanu uja adzapeze kanthu, mulembeni gawo lake poyera. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma mayi wofedwa kawirikawiri alibe mphamvu zolimbana ndi apongozi.

Wiluyo musaibise m'sutikesi. Kaisungitseni ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Mangochi, ku Khoti Lalikulu kapena kwa loya, ndipo akazi anu ndi woyendetsa uja adziwe komwe ili. Mwana wina akabadwa, bwererani ku mapepala onse awiri.