Matumba 40 anyamuka, eni shopu akuti afika 37

"Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero kuno ku Nkhotakota. Ndinatumiza matumba 40 kushopu ina pa Kamuzu Road ku Salima, koma eni ake akuti analandira 37. Dalaivala akuti anatsitsa onse, ndipo pepala linasainidwa. Ndizitani kuti zoterezi zisamachitike?"

Achimwene, yang'ananinso pepalalo: wasaina ndani? Kawirikawiri pamangokhala kachikhwatchu kopanda dzina, ka mlonda kapena mnyamata waganyu amene anathandiza kutsitsa. Siginecha yotere ilibe ntchito, ndipo zimandiwawa kuona anthu akutaya ndalama za matumba atatu chifukwa cha iyo. Wolandira alembe dzina lake lonse, ntchito yake pashopupo, tsiku ndi nthawi, kenako adinde chidindo cha shopu ngati chilipo.

Gulani buku la dilivale noti, lija la manambala, ndipo muzilemba ndi kaboni kuti mapepala atuluke atatu. Limodzi litsale m'buku kwa inu, awiri apite ndi dalaivala: lina lotsala kushopu, lina lobwera nalo litasainidwa. Lembanipo nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, ndi katunduyo motere: "matumba 40 (makumi anayi) a makilogalamu 50". Mawuwo amateteza kuti munthu asasinthe nambala ndi cholembera. Matumbawonso alembeni ndi maka kuyambira 1 mpaka 40. Lole zambiri pa M5 zimanyamula katundu wa anthu angapo, kutsitsa wina pa Benga, wina kutsogolo, ndiye thumba lopanda chizindikiro limatsikira kwa eni ena mosavuta. Mukalemba manambala, mudziwa kuti asowa ndi 12, 13 ndi 31, ndipo mudziwa pofunsa.

Chinthu chimodzi sindigonja nacho: kuwerenga kuchitike galimoto isanachoke. Zoti "tsitsani, tiwerenga mawa" muzikane, ngakhale kasitomalayo akhale wakale. Aikenso pasikelo matumba anayi kapena asanu, chifukwa mpunga wothiridwa m'matumba usanaume bwino umapepuka, ndipo mkangano wa makilo ndi wovuta kuposa wa matumba. Lonyowa kapena long'ambika alilembe papepala pomwepo asanasaine.

Uthenga wopita kushopu

Dalaivala ajambule pepala lonse, nambala yake ndi chidindo zikuwerengeka, ajambulenso matumba atasanjidwa m'shopumo. Inu mutumize zithunzizo pa WhatsApp kwa mwini shopu, osati kwa wogulitsa pakauntala: "Bwana, lero tatsitsa matumba 40 a Kilombero, pepala nambala 0152, walandira ndi amene wasainayu. Chonde yankhani kuti mwalandira angati, ndipo ngati pali vuto mutiuze lero lomwe."

Tizizindikiro tiwiri tabuluu ta pa WhatsApp si yankho, "chabwino" si yankho. Alembe nambala ya matumba. Akakuimbirani foni, mukatha kulankhula lembani zomwe mwagwirizana, iwo avomere polemba.

Za matumba atatu apitawo, funsani dalaivala malo onse amene anaima kutsitsa tsikulo, muimbire omwe analandira katundu kumeneko awerengenso awo asanayambe kugulitsa.