Nkhope zili bii, mazenera ali mbee: kuloka kamera ya foni pojambula kwaya

"Ndimajambula kwaya yathu ya amayi kuno ku Matawale ndi foni ya Tecno. Vidiyo ikamasewera nkhope zimakhala bii, kenako kwawala, kenako kwadanso, ndipo munthu akadutsa kutsogolo zonse zimachita mbuu. Anzanga akuti ndigule foni ina. Kodi nzoona?"

Mayi, ndalama zanuzo zimangeni kaye pansonga ya chitenje. Mawu a anzanuwo ndi amene andipangitsa kuyankha kalata yanu lero lomwe, chifukwa ndawamva mpaka makutu kuwawa, ndipo nthawi zambiri owanenawo sanagwirepo foni kwa nyimbo yathunthu mkono uli m'mwamba.

Chaka china mwezi wa Okutobala tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Chinamwali. Ntchito yojambula inali yanga mpaka madzulo a Lachisanu, pamene msuweni wathu anatulukira kuchokera ku Joni ndi foni ya maso atatu kumbuyo. Akuluakulu atangoiona anagamula pomwepo kuti ine ndikathandize kunyamula mipando. Ndinanyamula ndithu. Loweruka dzuwa linaswa mtengo, tenti inali yoyera, mkati muli mthunzi, ndipo mbali imodzi inali yotsegula moyang'ana kumsewu. Msuweniyo anaima mkati, akwati kutsogolo kwake, kuwala konse kwa panja kuli kumbuyo kwawo. Perekaniperekani atayamba, anthu ankadutsa pamaso pa kamera akuvina, ndalama zili m'mwamba, iye osasuntha, ali ndi chikhulupiriro chonse mufoni yake.

Usiku tinasonkhana kuti tionere. Phiri la Zomba linatuluka bwino kwabasi, mitengo yake kuoneka, ngakhale minibasi zodutsa pamsewu. Mkwatibwi anali chithunzithunzi chabe chovala diresi. Azakhali a ku Domasi, amene sabisa mawu, anafunsa ngati tinaitana munthu kudzajambula phiri. Vidiyo imene banja likusunga mpaka lero ndi ya kamtsikana kena ka pasukulu, kamene kanali ndi foni yosweka galasi, koma kanaima kukhomo kwa tenti, kuwala kuli kumsana kwake, n'kudina pankhope ya mkwatibwi kasanayambe. Za mipando ija sindinaiwale, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye ndinene mosapsatira: foni yodula imasokonezeka chimodzimodzi ndi yotchipa mukaisiya kuti izidzilamulira yokha. Ogulitsa mafoni amakonda kutchula mamegapikiselo, 50 kapena 108, ngati kuti nambalayo ndiyo imayatsa nkhope. Siyatsa. Nambala imeneyo imangonena kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi, ndipo vidiyo ya 1080p imangofuna timadontho topitirira pang'ono 2 miliyoni basi. Mdima wa nkhope ukuchokera kwina.

Kamera ya foni nthawi zonse imayeza kuwala kwa zonse zimene ikuona, n'kuyesetsa kuti chithunzi chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri komanso chosada kwambiri. Tsono taganizani zimene ikuona m'tchalitchi mwanu. Ngati kwaya yanu imavala ngati amayi a Mvano, pali mabulauzi oyera ndi maduku oyera, khoma mwina ndi la laimu, ndipo kumbuyo kuli mazenera olowetsa dzuwa. Foni imaona kuyera kokhakokha, imaganiza kuti kuwala kwachuluka, ndiye imachepetsa. Bulauzi imatuluka yotuwa, zenera limaoneka bwino, koma nkhope zathu, zomwe ndi zakuda kale poyerekeza ndi nsaluzo, zimamira. Wotsogolera nyimbo akaphimba zenera ndi thupi lake, foni imati kwada, imawonjezera kuwala. Akasuntha, imachepetsanso. Kuwala ndi kuda kosinthanasinthana kuja n'kumeneko. Mafoni ena amazindikira nkhope n'kuyesa kuiwalitsa, koma pagulu la anthu ambiri ogwedezeka amalumpha kuchoka pankhope iyi kupita pa ina, vuto n'kukhala lomwelo.

Mbuu uja ndi nkhani ina, ya fokasi. Lenzi imasendera kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono kwambiri kuti zinthu za pamtunda wina zioneke bwino. Mwana akadutsa pafupi ndi inu, foni imaganiza kuti iyeyo ndiye mwabwerera, imamutsatira, ndipo akachoka imayamba kusakasaka kwaya. M'malo amdima kusakako kumatenga nthawi chifukwa kamera imasowa mizere yooneka bwino yoti igwirepo. Mudzazindikira kuti ndi fokasi osati kugwedezeka kwa dzanja ngati chithunzi chonse chikuchita ngati chikupuma, kukula pang'ono n'kubwerera, foni ili phee.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ichi chimandinyansa. Ndaonapo anthu akukonza vidiyo yamdima pambuyo pake ndi mapulogalamu owalitsa, mpaka amayi olemekezeka kutuluka otuwa ngati adzola phulusa, chithunzi chonse chili timadontho tothamangathamanga. Chimene kamera sinachigwire pojambula sichibwera ndi fiyuta. Ukawalitsa mdima umangowalitsa zinyalala zomwe zinabisala mumdimamo. Ndiponso vidiyo yamdima ikadutsa pa WhatsApp, imene imafinya mafayilo kuti achepe, mbali zakuda ndizo zimayamba kuphwanyika n'kukhala timabokosi. Kukonza kwenikweni kumachitika musanadine batani lofiira.

Zochita Lamulungu likudzali

Fikani mapemphero asanayambe, muone kumene kuwala kukuchokera. Tiyerekeze kuti kwaya imaima mizere iwiri kutsogolo, zenera lalikulu lili kumbuyo kwawo chakumanzere. Inu pitani mukaime chakumanzere komweko, muwajambule chammbali, kuti zeneralo lisaoneke m'chithunzi ndipo kumbuyo kwa amayiwo kukhale khoma. Ichi chokha chimachotsa gawo lalikulu la vutoli. Imani pamtunda wa mamita anayi kapena asanu. Pamtunda wotere lenzi ya foni imaonetsa bwino mzere wakutsogolo ndi wakumbuyo womwe, choncho musadandaule kuti mwaloka pa munthu mmodzi. Pukutani lenzi ndi nsalu yofewa, chifukwa mafuta a zala amamwaza kuwala kwa zenera n'kuchititsa chifunga. Kwezaninso kuwala kwa sikirini yanu, kuopa kuti ingakunamizeni kuti chithunzi chada pamene chada ndi sikiriniyo.

Lowani mbali ya vidiyo kaye, osaloka muli mbali ya zithunzi, poti mukasintha loko imachoka. Sankhani nkhope ya mayi wa pakati pamzere wakutsogolo, ikanipo chala n'kuchisiya pomwepo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Kungodina n'kuchotsa sikuloka, foni imamvera kwa kanthawi kenako n'kuyambiranso zake. Pa iPhone pamatuluka mawu achikasu akuti AE/AF LOCK. Pa Samsung pamaoneka kachizindikiro ka loko pakabwalo ka fokasi. Pa Tecno, Infinix ndi Itel zimasiyana malinga ndi mtundu wa foni, koma kawirikawiri chizindikiro chake chimakhala chimodzi mwa ziwirizi. AE ndi kuwala, AF ndi fokasi, ndipo mwazimanga zonse pamodzi.

Mukatero musayambe kujambula msanga. Nkhope ili kutali ndi yaing'ono, ndiye chala chanu chagwiranso duku ndi kolala yoyera, ndipo kawirikawiri chithunzi chimalokedwa chikadali chakuda. Pambali pa kabwalo kaja pali kadzuwa kapena kamzere kotsetsereka. Kakwezeni pang'onopang'ono mukuyang'ana zinthu ziwiri: maso a mayiyo, ndi makwinya a bulauzi yake. Maso akaoneka makwinya akadalipo, siyani pomwepo. Makwinya ndi mabatani akasowa, bulauzi n'kungokhala chigamba choyera, mwapyola, bwererani pang'ono, chifukwa choyera chikapsa chotero sichikonzekanso. Ngati kachidutswa ka zenera katsalabe pakona n'kuyereratu, kalekeni kayere. Palibe amene adzatsegule vidiyo ya kwaya kuti aone mtengo wa mango uli panja.

Yesani ndi dzanja: lidutsitseni patsogolo pa lenzi. Kwaya ikakhalabe yooneka bwino ndipo kuwala kosasintha, loko yagwira. Kuyambira pamenepo chala chisakhudzenso pakati pa sikirini, poti kudina kamodzi kokha kumamasula zonse. Kutseka kamera, kuyankha foni kapena kusintha lenzi kuchoka pa 1x kupita pa 0.5x kumachotsanso loko pamafoni ambiri, ndiye muzionetsetsa chizindikiro chija nyimbo iliyonse isanayambe.

Loko ili ndi malire ake, ndipo apa m'pamene ena amakhumudwa. Yagwira mtunda ndi mlingo wa kuwala, siinagwire munthu. Amayiwo akayamba kuguba kubwera kumene muli, akafika pafupi mita imodzi adzachita mbuu. Akatuluka panja padzuwa muli chilokere, zonse zidzayera mbee. Pa nyimbo zolowera ndi zotulukira ndi bwino kuimitsa, kuloka kachiwiri pamalo atsopano, kapena kungoisiya foni idzisinthire yokha. Kuno ku Zomba tilinso ndi mitambo yotsika m'phiri, makamaka nyengo ya chiperoni mu Juni ndi Julayi, yomwe imaphimba dzuwa nyimbo ili pakati. Kukada pang'ono pirirani mpaka nyimbo ithe, chifukwa kuda kwa pang'onopang'ono sikuvuta kuonera kusiyana ndi kulumphalumpha, kenako mukonze.

Ngati Tecno yanu ikukana kuloka pa vidiyo, ikanimo pulogalamu yaulere yotchedwa Open Camera kuchokera pa Play Store. Ili ndi batani lakelake loloka kuwala, ndipo mutha kusankha kuti fokasi ikhale yosasuntha. Muonenso kuti mukujambula pa 30 fps, kutanthauza zithunzi 30 pa sekondi, osati 60 fps. Pa 60, chithunzi chilichonse sichingalandire kuwala kopitirira 1/60 ya sekondi, pamene pa 30 chitha kufika 1/30, kutanthauza kuwala kowirikiza kawiri m'chipinda chomwecho.

Mukadzajambula usiku mababu atayaka n'kuona mizere yakuda ikuyenda pachithunzi, loko singathandize. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira ka 100 pa sekondi, maso osaona koma kamera n'kuona. Pamenepo fufuzani Anti-flicker kapena Anti-banding m'makonzedwe a kamera muike pa 50 Hz, ndipo ngati foni ili ndi Pro Video, ikani shata, yomwe ndi nthawi imene chithunzi chilichonse chimalandira kuwala, pa 1/50 kapena 1/100.