Mawu a pa minibasi ndi takisi: tidule chiyani, tisiye chiyani?

*Funso: Akatswiri, ndikufuna kulembetsa pagalasi la kumbuyo kwa minibasi yanga mawu akuti "Kwerani galimoto yathu kuti mukafike bwino komanso mwachangu kumene mukupita." Wolemba zikwangwani akuti atalika. Ndidule pati?*

Wolembayo akunena zoona, bambo. Musanadule, yezani malo, ndipo muwerenge zilembo osati mawu. M'Chichewa mawu amodzi amatha kunyamula chiganizo chathunthu: "Tikufikitsani" ndi mawu amodzi koma a zilembo 13. Munthu amene wangouzidwa kuti asapitirire mawu atatu akhoza kumvera lamulolo, malo n'kumuthera ndithu.

Tiyerekeze kuti malo olembapo pagalasi lanu ndi otambalala masentimita 120. Kuti chilembo chiwerengeke mosavutikira, olemba zikwangwani amachipatsa msinkhu wa masentimita 2.5 pa mamita 3 aliwonse a mtunda umene wowerenga ali. Chilembo cha masentimita 10 chimawerengeka bwino pa mamita 12. Chilembo chotere, pamodzi ndi kampata kake, chimadya pafupifupi masentimita 7 m'mbali, ndiye mzere umodzi ungalandire zilembo 17, kuwerengera ndi mipata yomwe. Chiganizo chanu chili ndi zilembo 67 ndi mipata 9. Kumbukiraninso kuti galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Woima m'mbali mwa msewu amangoponya diso kamodzi basi.

Choyamba kuchoka ndi chimene maso akuona kale. "Galimoto yathu" ichoke, chifukwa mawuwo alembedwa pagalimoto pomwepo. Chachiwiri ndi chimene mneni wanena kale. Mu "mukafike" muli ka -ka- kosonyeza kuti kufikako kuchitikira kwina, kutali ndi pano, choncho "kumene mukupita" akungobwereza. "Kuti" nayenso akhoza kuchoka, pakuti "Kwerani mukafike" ndi Chichewa chomveka pachokha.

Zatsala ndi malonjezo awiri, "bwino" ndi "mwachangu." Sankhani limodzi. Ine ndingasankhe "bwino," chifukwa "mwachangu" pa minibasi ena amamva kuti dalaivala ndi waliwiro, ndipo okwera ambiri liwiro amaliopa.

Tafika pa "Kwerani mukafike bwino," zilembo 20 ndi mipata 2. Sizikukwanabe pamzere umodzi. Musachepetse zilembo, gawani uthengawo potengera amene akuwerenga. Munthu amene ali kumbuyo kwa minibasi yoyenda sangakwere, ndiye "Kwerani" apite m'mbali, pafupi ndi khomo. Pagalasi patsale "Mukafike bwino," malo a zilembo 14, masentimita 98. Dziwani kuti tanthauzo lasuntha pang'ono: silinso lonjezo la malonda koma mafuno abwino, ndipo kumbuyo kwa galimoto mafuno oterewa ndi pamalo pake.

Chimene simuyenera kudula ndi -ni wa ulemu. "Kwera" ndi "Kwerani" akusiyana ndi zilembo ziwiri zokha, masentimita 14, koma "Kwera" ndi mawu ouza mwana kapena mnzako wa msinkhu umodzi. Galimoto imalankhula ndi aliyense, agogo omwe.

*Funso: Pa takisi yanga ndilembe "Tiimbireni" kapena "Imbani"? Ndipo "Osachedwa" ali bwino ngati mawu okopa makasitomala? Ndine mayi woyendetsa ndekha.*

Onse awiri ndi olondola, mayi, koma pachitseko "Imbani" ndiye wabwino. Ali ndi zilembo 6 pamene "Tiimbireni" ali ndi 10, ndipo ma i awiri oyandikanawo akalembedwa m'zilembo zazikulu amaoneka ngati timizere tiwiri kapena nambala 11. Ena amadandaula kuti "Imbani" angamveke ngati kuimba nyimbo. Nambala ya foni ikakhala pansi pake palibe amene angasokonezeke. Nambalayo ikhale yaikulu kuposa mawuwo, yogawidwa m'magulu a manambala atatu kapena anayi. Mukakonda "Tiimbireni," samalani e wa kumapetoyo: mneni wolamula akatenga ti- kapena ndi- kutsogolo, a wake amasanduka e. Timati "Imbirani" koma "Tiimbireni," osati "Tiimbirani."

"Osachedwa" ndiye muwasiye. Osa- ndi amene timaletsera: "Osasuta," "Osataya zinyalala." Wowerenga mothamanga amva kuti mukumuuza iyeyo kuti asachedwe, pamene inu mumafuna kunena kuti takisi yanu ndiyo sichedwa. Lembani "Sitichedwa." Ti- akusonyeza mwini lonjezo, ndipo ngakhale mukuyendetsa nokha "ti-" amamveka bwino pamalonda kuposa "ndi-."

Koma mawu amenewa ali ndi msampha wake. Kukana konse kwagona pa zilembo ziwiri zoyamba. Sitika ikamatuka pakona, kapena si- akagwera pa mpata wa pakati pa zitseko, chotsala ndi "tichedwa," chosemphana ndendende ndi chimene mwalipirira. Mawu onse oyamba ndi si- aikidwe pakati pa chitsulo chimodzi, kutali ndi m'mphepete ndi chogwirira chitseko. Pa minibasi vutoli limakula, popeza chitseko chokoka chikatseguka chimaphimba mbali ya kumbuyo kwake, ndipo chimakhala chotsegula pa nthawi yeniyeni imene anthu aima pafupi n'kumawerenga. Kokani chitsekocho mpaka kumapeto, muone chabisika, kenako mulembetse.

Ngati mukufuna kunena mtundu wa ntchito, "Ya hayala" akukwana. Dzina lachoka koma ya akulozabe kwa takisi kapena galimoto. Mukalemba "Wa hayala" mwayamba kunena za munthu.

*Funso: Wodula masitika akuti nkhodolero ya mu "Pang'onopang'ono" ndi kakang'ono kovuta kumata, tingoichotsa. Akutinso mawuwo awadula pawiri. Ndivomere?*

Za nkhodolero musavomere. Ng' ndi ng ndi maliwu awiri osiyana: tchulani "ng'oma" kenako "ngozi," mumva kuti g akumveka m'mawu achiwiri okha. Mukaichotsa, wowerenga amayamba watchula molakwika n'kubwerera kuti akonze, galimoto itapita kale. Muuzeni wodulayo aikulitse nkhodoleroyo, ikhale yonenepa ngati mwendo wa chilembo. Chimodzimodzi h wa mu kh, ph ndi th: "Khalani" asasanduke "Kalani" pofuna kupulumutsa malo.

Kudula pawiri n'kotheka, ndipo mawu anuwa ndi osavuta chifukwa ndi obwereza: "Pang'ono" pamwamba, "pang'ono" pansi, mizere iwiri yofanana. Mawu ena akakakamizika kuduka, adukire pamene phatikizo lathera, ndipo m'Chichewa phatikizo nthawi zambiri limathera pa a, e, i, o kapena u. Ndiye "mwacha-ngu," osati "mwachan-gu". Magulu ngati nth, mph ndi nkh sagawidwa. Komabe mawu oduka pagalimoto amachedwetsa diso, kotero ngati pali mawu ena aafupi onena zomwezo, tengani amenewo.

Musanalipire, lembani mawuwo papepala pa msinkhu wake weniweni, mulimate pamalo pake ndi tepi. Imikani munthu amene sanawaonepo pa mamita 12, atembenuke, ayang'ane sekondi imodzi, atembenukenso, kenako anene mokweza zimene wawerenga. Akanena mawu ena, kapena akayamba ndi "kaya," chotsani mawu amodzi muyesenso ndi munthu wina, pakuti woyambayo wawadziwa kale.