Mabuku alingana, koma ndalama sizikukwana

"Achemwali, ndayamba kumene kukapikula zitenje ku Kyela. Mlongo wanga amene amandilembera mabuku akuti tirayo balansi yalingana, ndiye zonse zili bwino. Komatu ndalama zimene ndili nazo sizikukwana. Zimatheka bwanji?"

Zimatheka ndithu, mng'ono wanga. M'mabukumo chilichonse chimalembedwa kawiri. Mukagula zitenje za K540,000, ndalamayo imalowa ku debiti, mbali ya zolowa, m'akaunti ya katundu wogula, n'kulowanso ku kirediti, mbali ya zotuluka, m'akaunti ya ndalama za m'manja. Pakutha pa mwezi alongo anuwo amandandalika zotsala za akaunti iliyonse, madebiti mbali iyi, makirediti mbali inayo, n'kuwonkhetsa. Mndandanda umenewo ndiye tirayo balansi. Mbali ziwirizo zikalingana, zangokuuzani kuti debiti iliyonse yolembedwa ili ndi mnzake. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Zikapanda kulingana ndi pamene imathandiza kwambiri, chifukwa kusiyanako kumakulozerani kofufuza. Tinene kuti mbali imodzi analemba K450,000 m'malo mwa K540,000. Kusiyana ndi K90,000, ndipo nambala ikagawika ndi 9 popanda chotsala, yambani mwakayikira manambala osinthanitsidwa malo. Mwinanso K30,000 ya thiransipoti yaikidwa ku kirediti kawiri: kusiyana kudzakhala K60,000, ndiye gawani pakati mufunefune K30,000.

Koma vuto lanu ine ndikuliona pa boda. Pa Songwe ndalama zimatuluka mothamanga: msonkho wa katundu, anyamata onyamula mabelo, njinga yamoto, chakudya. Tiyerekeze kuti munalipira msonkho wa K85,000, risiti n'kutsalira m'chikwama osafika kwa alongo anu. Sinalembedwe ku debiti, sinalembedwenso ku kirediti, ndiye mbali ziwiri zija zilingana bwinobwino, pamene buku likunena kuti muli ndi K85,000 imene mulibe. Phindu nalonso lioneka lonenepa kuposa lenileni, ndipo izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa munthu amayamba kudya mpamba akuganiza kuti akudya phindu. Chimodzimodzi posintha makwacha kukhala mashilingi: ngati alemba pa mtengo wa ulendo wapitawo, nambala yolakwikayo imalowa mbali zonse ziwiri ndipo tirayo balansi siidandaula.

Palinso cholakwika china chimene sichisowetsa ndalama koma chimadanitsa. Mayi wina wabweza ngongole ya K40,000, inu n'kuichotsa pa dzina la mnzake. Mabuku alingana, koma mukalonjerera munthu amene analipira kale.

Ndiye khalani pansi ndi alongo anuwo. Werengani ndalama zenizeni, pamodzi ndi za ku Mpamba kapena Airtel Money, muyerekeze ndi zimene buku likunena. Kenako tsatani ulendo wonse, kuyambira pokwera basi mpaka potsitsa mabelo, risiti iliyonse ndi mzere wake m'buku. Zopanda risiti, monga za onyamula katundu, muzizilemba m'kakope pomwepo musanachoke pa boda.